Mulekele Sanabwere

Kaundula anali m'manja mwa a Banda, mphunzitsi wa masamu, ndipo mnyamatayo ankadziwa kale pomwe lilime lawo likapunthwe. Anayamba kuwerengera chamumtima. A Makina awiri, Matiki, Mulipa, kenaka Namaona. Kenaka kachete kaja.

Kachete kameneka ankakadziwa kuyambira Sitandade 1. Mphunzitsi amafika pa dzinalo, amaima, amayandikiza pepala kumaso ngati zilembo zachepa mwadzidzidzi, kenaka amangolumphira m'madzi osadziwa kuya kwake.

"Namaona... Mulekele."

Kumbuyo wina anafwenthera kuseka m'dzanja. "Mulekeleni mwana, sanalakwe!" Kalasi yonse ya Fomu 1 inaphulika, ngakhale ana ochokera ku mapulayimale ena omwe sankamudziwa n'komwe.

Pa pepala panalembedwa kuti Murecele. Zilembo 8 zokha, koma zinamuzunza zaka 8. Mayi wa Sitandade 1 ankati Muleseli, ndipo iye poti anali wamng'ono ankangoyankha, kuganiza kuti kusukulu munthu amapatsidwa dzina lina monga amapatsira yunifolomu. Ku Sitandade 3 linasanduka Mulesele, anzake n'kulidula kukhala Mulesi, ndipo chaka chonse anali Mulesi ngakhale ndiye ankafika m'mamawa kudzasesa. Wa Sitandade 5 atamva kuti kwawo kwenikweni ndi kutsidya kwa Muloza anagamula yekha kuti dzinalo ndi la Chipwitikizi, n'kumutcha Maselo. Chomwe chinamupweteka kwambiri chinali cha ku Sitandade 7. Tsiku limenelo anadzilimbitsa mtima, anaimirira n'kunena mwaulemu kuti chilembo chapakaticho chimamveka ngati "ch". Mphunzitsiyo anamvetsera bwinobwino, kenaka anati, "Oho, Mchere? Ndiye khala pansi tisanakuthire m'ndiwo." Mpaka lero kumsika wa Limbuli kuli anyamata omwe akamuona amakuwa kuti ndiwo zasukuluka.

Ndiye m'mawa wa tsikuli, akudutsa m'kanjira ka m'minda ya tiyi, nsapato zatsopano zikumuluma chidendene, phiri la Mulanje litabisala mu utsi wa Seputembala, anali atalumbira. Sayankha dzina la munthu wina. Kusekondale akufuna kuyamba ndi lake.

"Mulekele Namaona!" a Banda anabwereza.

Yamikani, mnzake wa ku pulayimale yemwe anapanikizana naye pa desiki, anamugunda ndi chigongono. Iye anangoyang'ana bolodi. Mtima unkagunda ngati ng'oma ya tchopa, koma pakamwa anatseka.

"Tsiku loyamba lomwe kujomba," anatero a Banda, n'kulemba kamzere. Anapitirira kwa Nankhonya.

Zinali zophweka kuposa momwe ankaganizira. Madamu a Chingerezi analowa ndi fungo la mafuta onunkhira, anafika pa dzinalo, analikometsera ngati la mzungu, "Maseli," ndipo nawonso analemba kamzere. Pa buleki Yamikani anamukokera kuseri kwa kalasi, chinangwa chophika chili m'manja.

"Iwe wapenga? Akakuchotsa m'kaundula malo ako apatsa wina. Ukudziwa anthu angati akufuna malo pano?"

"Sanandiitane."

"Akuitana kawiri!"

"Aitana Mulekele ndi Maseli. Ukawaona uwauze."

Yemwe anawononga zonse anali a Chikopa, mphunzitsi wa zaulimi, bambo wachikulire wa jekete lotuwa m'mapewa ndi choko m'thumba. Iwo anaitana mayina mothamanga, pa dzina lija anangoti "Mule... Mulesele," osadikira n'komwe, n'kulemba kamzere. Koma atamaliza anayamba kuwerenga mitu, chifukwa ankafuna kugawa ana m'magulu a kumunda wa sukulu. Anawerenga mzere ndi mzere, chala chili m'mwamba. Anayang'ana pepala. Anawerenganso.

"Apa ayankha anthu 76. Mitu ndikuiona 77." Anavula magalasi. "M'kalasi muno muli mzukwa. Mzukwawo uimirire ndisanayambe kuufuna ndekha."

Palibe anapuma. Yamikani anaweramira pansi ngati wataya cholembera. Murecele anaimirira, mawondo akugundana ndi desiki.

"Dzina?"

"Murecele Namaona, sala." Anatchula bwinobwino, "che" uja n'kumukhazika pamalo pake.

"Nanga si ndakuitana iwe?"

"Amene mwamuitanayo sanabwere, sala."

Wina anati "Eee!" chapansipansi. A Chikopa anamuyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumutu wometedwa dzulo mpaka ku nsapato zija. Kenaka anatulutsa choko m'thumba n'kumuponyera.

"Bwera udzatilembere munthu amene wabwerayo."

Dzanja linkanjenjemera moti M woyambayo anapendama. Analemba zilembo zonse 8 n'kudula kamzere pansi pa c.

"Ameneyu ndi k kapena s," anatero a Chikopa. "Ch ali ndi h. Zimenezi unaphunzira ku Sitandade 2."

"M'Baibulo lakale la ku tchalitchi mulibe h, sala. Amalemba Cipangano Catsopano, koma powerenga palibe amati Kipangano."

Yankho limeneli sanalipeke pomwepo. Analisunga chaka chathunthu, kuyambira Lamulungu lina pomwe anatsegula Baibulo long'ambika chikuto la malemu agogo ake aamuna n'kupeza c ali yekhayekha tsamba lonse, cikondi, cifundo, cisomo. Analiyeserera kangapo ali yekha kudambo. Kungoti sanayembekezere kuti mawu ake atuluka opyapyala chonchi.

A Chikopa anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Zinadziwika pambuyo pake kuti iwo ndi mkulu wa mpingo, ndipo Baibulo lomwelo amaliwerenga paguwa. Anayandikira bolodi, manja kumbuyo.

"Ndi Chilomwe?"

"Eya, sala. Ndi mtendere."

"Anakutcha ndani?"

"Anganga."

Sananene zambiri, ndipo kalasi ya anthu 77 si malo onenera zimenezo. Anganga ake anawoloka Muloza mu 1986, nkhondo ya ku Mozambiki itafika m'mudzi mwawo, mwana kumsana, wina kudzanja, poto pamutu. Mwana wawo womaliza anabadwa mu Okutobala 1992, mwezi womwe wailesi inalengeza kuti a Frelimo ndi a Renamo asayinirana mtendere ku Roma, ndipo anamutcha Murecele. Mwanayo sanafike zaka ziwiri. Anthu ambiri anabwerera kwawo, koma anganga anakana kusiya manda. Dzinalo analisunga ngati mbewu ya padenga mpaka mwana wawo wamkazi atabereka mnyamata. Amene analilemba pa khadi la kusikelo anali agogo aamuna, omwe anaphunzira kulemba pa mabuku a tchalitchi, ndipo kwa iwo c anali wokwanira.

"Mu-le-che-le," anatero a Chikopa pang'onopang'ono, ngati akuyesa mlatho wamitengo ndi phazi. "Mulechele."

"Eya, sala."

"Kalasi, nenani."

Mawu 76 ananena dzina lake nthawi imodzi. Ena ankaseka, mmodzi kumbuyo anayesa kulowetsapo "Mchere" koma a Chikopa anamuponyera diso ndipo zinathera pomwepo. Murecele anamva kutentha m'makutu. Sanadziwe poyang'ana.

A Chikopa anatenga pensulo. "Kalembedwe sindisintha. Dzina liyenera kufanana ndi lomwe lili ku Maneb, apo ayi udzalira pa mayeso a Fomu 4. Ndingolemba pambali kuti anzanga aone." Analemba tizilembo tating'ono, n'kufufuta kamzere kawo. Timizere ta a Banda ndi a madamu anatisiya. "Amenewo ukakambirana nawo wekha. Ndipo poti wandiwerengetsa mitu kawiri ngati ndikugula mbuzi, tikaweruka ndowa 10 kuchokera pa mjigo, ukathirire mbande za mitengo kuseri kwa ofesi. Wamva, Mulechele?"

"Ndamva, sala."

Ndowa 10 ndi zambiri dzuwa la Seputembala likakhala pamutu. Yamikani anamuthandiza kupopa zitatu zoyambirira, kenaka anakumbukira kuti amayi ake amutuma. Pa ndowa ya chisanu ndi chiwiri nsapato anazivula n'kuzipachika m'khosi. Komabe pobwerera kunyumba ankaimba mluzu.

Anapeza anganga ali pa mkeka kuseri kwa khitchini, akusenda nandolo wouma m'lichero. Pamoto panali mphika wa kalongonda womwe unali ukuwira kuyambira m'mawa, madzi atatayidwa kale kangapo. Sanadikire n'kuvula yunifolomu. Anawafotokozera zonse ali chiimire, za mzukwa, za choko, za Baibulo la agogo. Pa ndowa anachepetsako, anati zinali zisanu.

Anganga ankamvetsera manja akugwira ntchito. Chichewa chawo mpaka pano chimapendekera kwawo, ndipo akakwiya kapena akakondwa kwambiri chimathawiratu.

"Ndiye aphunzitsiwo anena bwanji?"

"Anena bwinobwino, anganga. Kalasi yonse yanena."

"Ndati anena bwanji. Tanena ndimve."

"Mulechele."

Manja anaima m'lichero. Anganga anamuyang'ana, kenaka mapewa awo anayamba kugwedezeka. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

"Ameneyonso sanabwere," anatero.

"Bwanji anganga?"

"Iwe wavutitsa aphunzitsi tsiku lonse, chikhalirecho nawenso umalitchula ngati Mmang'anja. Amako chimodzimodzi. Ndinangokulekani, ndinatopa." Analoza pa mkeka. "Khala apa. Lilime lisagone ngati likudwala. Ligunde kuseri kwa mano, linjenjemere. Murrre."

"Mule."

"Murrre. Ngati njinga yamoto ikukwera chitunda."

"Mudle."

Nkhuku yomwe inkazembera nandolo inadzidzimuka n'kuthawa. Anganga anamukankhira lichero pamiyendo kuti manja asakhale chabe, ndipo anadzuka kukasonkhezera moto.

"Bwerezanso," anatero ali chowerama pa mphika. "Ndikumva kuno."