Mawu amene tagwirizana pa chipatala chathu, m'Chingerezi ndi m'Chichewa

Anzanga nonse, adokotala, anamwino, alangizi a zaumoyo ndi a kumankhwala, nawa mawu amene tinamanga pa msonkhano wa Lachinayi. Mawu oyambawo ndawalemba monga aonekera pa kompyuta. Pepalali likhale pa khoma m'chipinda chilichonse choonera odwala.

Fever: kutentha thupi. Ndi chizindikiro chabe, kuyambira madigiri 37.5 tikayeza m'khwapa.

Malaria: malungo. Apa ndi pamene tinachedwa, ndipo mpake. Mayi wochokera ku Senga Bay akati “mwanayu ali ndi malungo”, kawirikawiri akunena kuti thupi latentha, kapena mwana walefuka, sakudya. Tisawatsutse, komanso tisalembe msanga. Tifunse kuti, “Mayi, mwaona zotani? Zayamba liti?” Ife tizitchula malungo pokhapokha magazi atayezedwa pa mRDT. Akapanda kupezeka tinene kuti, “Tizilombo ta malungo sitinapezeke, tiyeni tifufuze chimene chikutenthetsa thupi.” Ine zimandipweteka kuona mayi akutuluka akuganiza kuti tamumana LA, pamene vuto ndi mawu athu.

Positive, negative: tapezeka, sitinapezeke. Nthawi zonse titchule tizilomboto. Mawu oti “zili bwino” tawasiya, chifukwa wina amamva kuti wachira.

Dose: mlingo wa mankhwala womwa nthawi imodzi. Pa LA tinene kuti kawiri pa tsiku, masiku 3, mpaka atha, ndipo wodwala abwereze yekha mawuwa asanachoke pa windo.

Pneumonia: chibayo. Akuluakulu amatchula chibayo ululu uliwonse wolasa m'nthiti. Kwa mwana amene akutsokomola, tiwerenge mpweya mphindi yathunthu. Kupuma mofulumira ndi ka 50 kapena kuposa kwa wa miyezi 2 mpaka 11, ndi ka 40 kapena kuposa kwa wa chaka chimodzi osakwana zaka 5.

Schistosomiasis: likodzo. Kuno kunyanja anyamata ena amayesa kukodza magazi ndi kukula. Tifunse mwachindunji za mtundu wa mkodzo, ndipo tifotokoze kuti tizilombo timachokera mu nkhono za m'madzi n'kulowa pa khungu.

Hypertension: kuthamanga kwa magazi, kuyambira 140/90 tikayeza masiku osiyana. Agogo akati “mtima ukuthamanga”, imeneyo ndi nkhani ina, tiwayeze kaye.

Anaemia: kuchepa kwa magazi. Mawu oti “magazi atha” amaopseza, tisawanene.

Dysentery: kamwazi, kutsekula m'mimba kwa magazi.

Pa Convulsion sitinamvane. Ena akuti kukomoka, ena linjirinjiri, koma tonse tavomera kuti khunyu tisalitchule kwa mwana amene wagwa chifukwa cha kutentha thupi, poti dzinali limamutsata mpaka kusukulu. Alangizi, mukapita ku sikelo sabata ino mumvetsere mmene amayi amanenera, mudzatiuze Lachinayi likudzali.