Malangizo opangira vidiyo yoyenda m'nyumba ya lendi ya ku Eriya 47

Pakhale vidiyo ya masekondi 80 yoonetsa mkati mwa nyumba ya zipinda zitatu yomwe ikuchititsidwa lendi ndi katundu yemwe, ku Eriya 47 mumzinda wa Lilongwe. Ioneke kuti inajambulidwa ndi kamera yeniyeni m'nyumba yeniyeni. Kamera ilowe pakhomo lakumaso n'kuyenda mpaka kuchipinda chachikulu osaima, osadumpha, osagwedezeka. Chilichonse chooneka chichokere pa zithunzi 14 zomwe zaperekedwa, kuyambira `01_khonde.jpg` mpaka `14_bafa_lalikulu.jpg`. Munthu amene aonere vidiyoyi adzabwera kudzaiona nyumbayi ndi maso, atanyamula ndalama za miyezi itatu, choncho chipinda chisakule, denga lisatalike, katundu asaonjezereke.

Mayendedwe a kamera akhale a mayi wosenza ndowa yodzaza madzi: miyendo ikuyenda koma pamutu palibe dontho lotayika. Liwiro likhale pafupifupi theka la mita pa sekondi, ndipo lisasinthe modzidzimutsa. Pofika pakhomo ichepetse pang'ono, ikadutsa ibwerere pa liwiro lake. Pokhota ikhote mozungulira, iyambe kutembenuka isanafike pangodya, isadikire kugunda khoma kenako n'kupotoloka. Kudumphadumpha kwa mapazi kusaoneke ngakhale pang'ono. Kamera ikhale mamita 1.3 kuchokera pansi nthawi yonse, yoyang'ana kutsogolo molunjika, kuti mafelemu a zitseko ndi ngodya za makoma zioneke zoongoka. Ikaloza m'mwamba kapena pansi makoma amapendekeka, nyumba n'kuoneka ngati ikugwa. Lenzi ikhale ya mamilimita 24. Yotambalala kuposa pamenepa imanamiza, imasandutsa kolido ya mita imodzi kukhala holo. Isakokere chinthu pafupi ndi lenzi, ngati pali chofuna kuonedwa bwino kamera yonse isendereko.

Nthawi ndi 9 koloko m'mawa, mwezi wa Juni, kumwamba kopanda mitambo. Nyumbayi inayang'ana kumpoto, ndipo nyengo yozizira dzuwa la ku Lilongwe limadutsira kumpoto komweko, ndiye kuwala kulowe mopendekeka kuchokera kumpoto chakum'mawa, kugwere pamatailosi pansi pa mawindo. Mababu a m'nyumba akhale ozima kupatula m'kolido ndi m'mabafa. Makoma ndi opakidwa penti yoyera yopita ku kirimu, asasanduke achikasu kapena abuluu pochoka chipinda china kupita china. Mawindo asayere mbuu: kudzera pagalasi pazioneka kapinga, mtengo wa mapeyala ndi mpanda wa njerwa. Zitsulo zoteteza akuba zili pawindo lililonse, zopakidwa zoyera, ndipo zisachotsedwe pofuna kukongoletsa. Wofuna nyumba ku Lilongwe amayamba wayang'ana zimenezo asanafunse n'komwe za sofa.

Masekondi 0 mpaka 6. Kamera iyambire pakhonde, mamita awiri kuchokera pachitseko, ikuyenda kale. Kumanja kuli mipando iwiri yoluka ndi katebulo kozungulira, pansi ndi simenti yofiira yopolishidwa. Chitseko chamatabwa ndi geti yake yachitsulo zikhale zotsegula kale mpaka kukhoma. Pasakhale dzanja lotsegula, komanso chitseko chisatseguke chokha. Podutsa pakhomo kuwala kusinthe pang'onopang'ono kuchoka kwa panja kufika kwa m'nyumba.

Masekondi 6 mpaka 24 ndi a pabalaza, ndipo apa ndi pomwe nyumbayi ikope munthu, kamera isafulumire. Chipindachi ndi mamita 6 m'litali ndi 4.5 m'lifupi, pansi pali matailosi otuwa a masentimita 60. Kamera ilowe molunjika, kenako iyende mokhotera kumanja ikuzungulira tebulo la pakati, lomwe ndi la mlombwa, lofiirira, mizere ya thabwa ikuonekera pamene dzuwa lagwerapo. Kumbuyo kwa tebulo kuli sofa yotuwa ya anthu atatu, pambali ina ya anthu awiri. Pa sofa yayikulu pali mapilo anayi okutidwa ndi chitenje cha buluu ndi chikasu. Maluwa a chitenjecho akhale amodzimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, asamasinthe kamera ikamayenda. Chimodzimodzinso mizere ya matailosi: ikhale yoongoka, isavine, isachulukane. Pakhoma lakumadzulo pali wailesi yakanema yozimitsa, pansi pake kabati yayifupi. Galasi la kanemayo lionetse chithunzithunzi cha windo basi, osati cha kamera kapena munthu. Makatani ndi a kirimu, okokedwera m'mbali, ndipo katani yopyapyala yamkati igwedezeke pang'ono ndi kamphepo. Chimenecho chokha ndiye chiyende m'chipinda muno. Fani yakudenga ikhale chiimire, Juni si nyengo ya fani.

Pangodya pafupi ndi khomo lopita kodyera pali kabati yotseka ya inveta ndi mabatire awiri, nyali yake yobiriwira ikuyaka. Kamera ikamamaliza kuzungulira idutse pafupi nayo mwakuti ioneke kwa masekondi awiri. Si yokongola ayi, koma kwa munthu wogwirira ntchito pakhomo pa laputopu, magetsi a ESCOM akathima, kabati imeneyi ndi yofunika kuposa makatani onse.

Masekondi 24 mpaka 31. Kamera ilowere kum'mawa, kudutsa pakhomo lotambalala lopanda chitseko, kufika kodyera. Tebulo la mbawa ndi mipando isanu ndi umodzi, itatu uku itatu uko, yonse yolowetsedwa pansi pa tebulo. Miyendo ya mipando iwerengeke bwino ndipo igunde pansi. Pakati pa tebulo pali mbale yadothi youmbidwa ku Dedza, muli manachesi. Dzuwa la pawindo lakum'mawa lidule tebulo pakati. Kamera iyende m'mbali mwa tebulo, mipando ikudutsa kumanzere kwake.

Masekondi 31 mpaka 42, khitchini. Ndi yaying'ono, mamita 3 mbali zonse, ndipo ioneke choncho. Makabati oyera m'munsi ndi m'mwamba, pamwamba pa a m'munsiwo pali mwala wakuda wamawangamawanga. Kamera iyende motsatira makabatiwo: kuka yamagetsi ya mbale zinayi, pambali pake chitofu cha gasi cha mbale ziwiri ndi silinda yake pansi, sinki pansi pa windo, ketulo, kenako firiji yazitseko ziwiri. Masoketi a pakhoma ndi a mabowo atatu a makona anayi okhala ndi switchi, omwe timagwiritsa ntchito kuno ku Malawi, pasabwere a mayiko ena. Pawindo la pasinki, kunja, paoneke thanki yamadzi yobiriwira ya malita 5,000 itakhala pansanja yachitsulo. Pompano kamera ichepetse liwiro, thankiyo ikhale pakati pa windo kwa kanthawi, chifukwa funso la madzi limabwera pa foni iliyonse. Mpopi ukhale wotseka. M'sinki musakhale mbale, pamwala pasakhale sopo kapena chinkhupule.

Masekondi 42 mpaka 58. Kamera itulukire pakhomo lachiwiri la khitchini n'kulowa m'kolido yopita kumadzulo. Kolidoyi ndi yopapatiza, mita imodzi, kamera iyende pakati penipeni. Zitseko zonse zikhale zotsegukira mkati. Ikafika pa chipinda choyamba, kumanja, isalowe yonse, ingosuzumira potembenuka pang'ono uku ikuyendabe: mabedi awiri a munthu mmodzimmodzi, zofunda zabuluu, neti ya udzudzu yomangidwa mfundo pamwamba pa bedi lililonse. Chachiwiri, kumanjanso, chili ndi bedi la anthu awiri, desiki ndi mpando pansi pa windo. Kumanzere kuli bafa la onse, matailosi oyera kufika theka la khoma, shawa, sinki ndi chimbudzi chotseka chivundikiro. Limeneli lingoonedwa modutsa. Pakhoma kunja kwa bafa pali switchi ya giza yokhala ndi kanyali kofiira.

Padenga la kolido, pafupi ndi khomo la bafa, pali banga lotuwa pomwe panadontha kale madzi. Padakonzedwa koma penti yake sinafanane ndi yakale. Likuoneka pa `10_kolido.jpg` ndipo likhale momwemo, kamera isalilondole koma isalifufutenso.

Masekondi 58 mpaka 76, chipinda chachikulu kumapeto kwa kolido. Windo lake lalikulu linayang'ana kumadzulo, ndiye m'mawa simulowa dzuwa lolunjika. Kuwala kukhale kofewa, kopanda mithunzi yakuthwa, ndipo pasapekedwe cheza chomwe kulibe. Kamera ilowe, bedi likhale kumanzere, iyende chakumiyendo kwa bedilo ikuliyang'anabe. Bedi ndi lalikulu, lamatabwa a mbawa, zofunda zoyera zoyalidwa bwino koma zooneka kuti ndi nsalu, timakwinya tochepa tikhalepo. Kumiyendo kwapindidwa bulangete lotuwa. Neti yake ndi yamakona anayi yolendewera pa felemu, yakokedwera m'ngodya n'kumangidwa. Mbali zonse ziwiri za bedi kuli timakabati ndi nyali zozima, pansi pali mkeka wa mlaza. Kamera ipitirire kuloza ku wadiropu yomangidwira kukhoma, ya zitseko zinayi. Chitseko chimodzi chili ndi galasi lodziyang'anira lalitali. Kamera idutse chopendekera kuti m'galasimo muoneke bedi ndi windo, zili m'malo mwake momwe ziyenera kuonekera, popanda wojambula. Kenako ifike pakhomo la bafa la m'chipindamo, ionetse bafa losambiramo chokhala, shawa pamwamba pake ndi matawulo awiri oyera.

Masekondi anayi omaliza kamera ibwerere m'mbuyo pang'onopang'ono, iime pomwe bedi ndi khoma loyera lakumanja zikuoneka pamodzi. Khomalo lisiyidwe lopanda kanthu, ndi pomwe tidzalembe tokha mtengo wa lendi ndi nambala ya foni. M'vidiyo yonse musalembedwe mawu alionse, ngakhale pa firiji kapena pa kuka pasapekedwe dzina la kampani.

M'nyumba monse musakhale munthu, mwana, galu kapena mphaka, ngakhale mthunzi wawo. Pasaonjezeredwe maluwa, makandulo, moto wa pachumuni, zithunzi za pakhoma, dziwe losambiramo kapena mapiri kunja kwa windo. Khomo likhale pomwe lili pachithunzi, ndipo chiwerengero cha mawindo chisasinthe kamera ikacheuka. Ngodya yomwe sikuoneka pa chithunzi chilichonse, kamera isayang'aneko. Mitundu ikhale yachilengedwe, yosakoleza, yopanda nkhungu kapena kunyezimira kopeka. Zonse zapafupi ndi zapatali zioneke bwino, kumbuyo kusachite chimbuuzi.

Ngati vidiyoyi ipangidwe m'zidutswa, chidutswa chilichonse chithere pomwe felemu ya chitseko ikudutsa m'mbali mwa chithunzi, ndipo chotsatira chiyambire pomwepo, pa liwiro lomwelo ndi msinkhu womwewo, kuti polumikiza pasaoneke. Phokoso likhale la mbalame zapanja zomveka chapatali basi, nyimbo tidzaika tokha.

Ituluke mu `16:9`, `1920x1080`, `25 fps`, `MP4`. Mafelemu 25 pa sekondi ndi omwe amagwirizana ndi magetsi athu, kotero tikadzalumikiza ndi zidutswa zojambula pafoni pa mafelemu 25 omwewo, mababu a m'kolido sadzaphethira. Pakhalenso ina ya `9:16` yoika pa WhatsApp ndi Facebook. Imeneyo isadulidwe kuchokera ku yoyambayi chifukwa sofa ndi bedi zidzatsala theka. Ipangidwe payokha, njira yomweyi, kamera itabwerera m'mbuyo theka la mita m'zipinda zazikulu, ndipo zipinda ziwiri zing'onozing'ono zipatsidwe masekondi atatu chilichonse. Yonse isapitirire mphindi imodzi.