Mawu olandira alendo pa ukwati wa Madalitso ndi Tadala ku Mufakose

Zikomo amayi, zikomo abambo. Amayi a nthungululu, imodzi yokha kaye kuti ya ku Dedza imveke kuno ku Harare!

Abusa ndi akulu a mpingo, ankhoswe a kuchimuna ndi a kuchikazi, asewere athu aPhiri ndi mayi Nangondo, agogo onse amene mwakhala kutsogoloku, takulandirani ndi manja awiri. Ine ndine Banda, malume wake wa mkwatibwi. Mbumba yandituma kuti ndikulonjereni, ndipo sinditalikitsa poti ku khitchini nsima yapsa kale.

Ndiyambe ndi amene mwachokera kutali. Azakhali a mkwati, inu ndi gulu lanu la ku Ntcheu mwagona pa basi, mwadutsa pa Mwanza ndi pa Zobue, mwaoloka Zambezi pa Tete, mwaima pamzere pa Nyamapanda dzuwa likuswa mtengo. Dzulo pokulandirani pa Roadport ndinaona azakhali akutsika miyendo itatupa, koma thumba la mpunga wa kilombero sanalole kuti wina awanyamulire. Anati, "Uwu ndi wa mwana wanga, ndikaupereka ndekha." Mpunga umene mudye lerowu ndi womwewo. Azakhali, Mulungu akudalitseni.

Abale a ku Bindura ndi ku Shamva, ana a kumigodi, takuonani. A ku Mabvuku, ku Tafara, ku Highfield, ku Mbare ndi ku Epworth, fikani, pano ndi panu. Anansi athu a mu mzere uno, amene mwatibwereka miphika ndi mipando, zikomo kwambiri.

Akuchikazi kwa mchimwene wanga, aMoyo a ku Murewa, inu munatipatsa mwana wanu zaka zambiri zapitazo, ndipo adzukulu anu ndi amene akuyendetsa mbale lero. Mukamva tikunena nsima, ndi sadza yanu yomwe ija. Abale athu Achisilamu ochokera ku Mangochi, nkhuku ndi mbuzi yanu yazingidwa ndi shehe ndipo yaphikidwa mu mphika wakewake. Idyani mtima uli m'malo.

Tsono mundilole ndinene za tebulo ilo la pakona, pamene pakhala madala ndi amayi a bungwe lathu la maliro. Ana inu mumangowaona mwezi ndi mwezi akusonkha ndalama, koma simudziwa kuti ndi ndani kwa ife. Bambo anga anafika kuno mu 1957, nthawi ya Chitaganya, mzinda uno ukutchedwa Salisbury. Anabwera ndi bulangete limodzi, opanda mlongo, opanda malume. Kumudzi anayamba kuwatchula kuti mtchona. Pamene ankafuna kukwatira mayi anga panalibe wachibale woti akhale nkhoswe. Anaimirira ndi mnzawo wa ku ntchito, Mtonga wa ku Nkhata Bay, munthu amene sanali wa mtundu wathu ngakhale pang'ono. Bambo atamwalira, anthu a bungwe lomweli ndi amene anagula bokosi, nagona nafe pa siwa mausiku atatu. Mdzukulu wa Mtonga uja ndi uyo wavala suti yotuwayo, ndiye wayendetsa galimoto ya akwati kuchokera ku tchalitchi. Ife timamutcha mwana wa m'nyumba, ndipo palibe anafunsapo kuti magazi ake ndi a kuti.

N'chifukwa chake ndikupempheni chinthu chimodzi. Ndikuona a ku Ntcheu mwaunjikana mbali iyi, a ku Murewa uko, achinyamata obadwira kuno kumbuyo. Pofika nthawi ya chakudya, nyamulani mbale yanu mukakhale pafupi ndi munthu amene simukumudziwa. Mufunseni mfunda wake ndi kwawo. Wina Chichewa chikamuvuta n'kusakaniza ndi Chishona, musamuseke, mumuyankhe bwinobwino. Ana athu ambiri sanapondepo ku Malawi, ndipo lero ndi mwayi wawo womva Chichewa cha kumudzi kuchokera kwa agogo awo.

Madalitso, mkamwini wathu, ndi iwe Tadala mwana wa mlongo wanga, tadzutsani maso muone anthuwa. Ena atseka misika yawo pa Mbare Musika tsiku Loweruka chifukwa cha inu. Tadala, mayi ako akulira apo, koma ndi misozi ya chimwemwe. Ndinali nawo tsiku limene unabadwa ndipo analira chimodzimodzi. Malangizo ndawasiyira ankhoswe, nthawi yawo ikubwera.

Tikatha kudya kubwera perekaniperekani, ndipo tidzaitana banja lililonse palokha kuti pasakhale wotsala. Madzi osamba m'manja atsikana akubweretsa pomwe mwakhalapo, agogo musavutike kudzuka. Abusa, tidalitsireni chakudyachi.