Kukulumikizani: mayi Mbewe a chiponde ndi a Phiri a mtedza ku Mchinji

Mayi Mbewe, a Phiri,

Muli bwanji nonse? Ine ndili bwino. Ndakuikani pa imelo imodzi dala kuti zimene ndikuuza mmodzi winayo azimvanso, pasadzakhale zoti Chikondi anandiuza zina kumbali. Nonse ndinakupemphani kale pa foni ndipo munavomera, ndiye nayi nkhani yake.

A Phiri, mayi Mbewe ndi amene ndimakuuzani aja. Ali ndi kafakitale ka chiponde ku Area 25 konkuno ku Lilongwe, anayamba ndi kamakina kamodzi kuseri kwa nyumba koma pano ali ndi antchito 9 ndipo mabotolo awo akupezeka m'magolosale angapo mtauni muno. Ndinawadziwa kudzera ku maphunziro a mabizinesi ang'onoang'ono, ndipo kufakitale kwawoko ndinafikako, ndi malo aukhondo zedi. Amagaya matumba pafupifupi 60 a 50 kg pamwezi, wosenda kale. Vuto lawo ndi loti amagula kwa mavenda ndiye thumba lililonse limabwera ndi mtedza wake, wina CG7 wina Chalimbana wina sukudziwika n'komwe, pansi pake mphwephwa ndi timiyala, atsikana awo amatha tsiku lonse akusankha m'malo mokazinga. Chachikulu kwambiri ndi chuku. Panopa ali mkati mofuna chiphaso cha Malawi Bureau of Standards kuti alowe m'mashopu akuluakulu, ndipo a MBS akatenga chiponde kukayeza amayang'ana poizoni wa chuku uja, akachuluka basi katundu sadutsa. Kukazinga sikumupha poizoniyo, akalowa mu mtedza walowa, ndiye nkhondo yake iyenera kumenyedwa kumunda kwanuko osati ku Area 25.

Mayi Mbewe, a Phiri ndi manijala wa kopaletivi ya alimi chakufupi ndi Kamwendo, mukamapita ku Mchinji boma pa msewu wa M12. Ndinagwira nawo ntchito nthawi imene ndinali mlangizi kumeneko ndiye sindikukamba zongomva ayi. Ali ndi mamembala 140, ambiri ndi amayi, ndipo chaka chino akuyembekeza matani pafupifupi 35 wosenda, wambiri wake CG7, wofiira uja wa mafuta ambiri amene inu mumati amagayika bwino. Chalimbana aliponso pang'ono koma amasunga payekha, sasakaniza. Chimene ndimawakhulupirira nacho ndi ichi: pagulu lawo anagwirizana kuti palibe kuwaza madzi pa makoko posenda. Mukudziwa anthu ambiri amanyowetsa kuti makoko afewe asapweteke zala, ena kuti alemere pa sikelo, ndiye chuku chimayambira pomwepo. Kwa a Phiri membala akabweretsa mtedza wonyowa amabwerera nawo, ndinaona ndi maso anga thumba la wa mu komiti weniweni likubwezedwa. Akakumba amaumitsa ndi masangwi omwe pa milu ija ya Mandela, yosanja mozungulira mtedza utaloza mkati kuti mpweya uzidutsa, akathothola amayanika pa malona osati padothi, ndipo amasunga ndi makoko mpaka wogula atapezeka. Ali ndi sikelo yawo komanso kamakina koyezera chinyezi.

Tsono ndinene mosabisa zimene zingakuvuteni, chifukwa ndikangokutamani nonse ndiye sindinakuthandizeni.

Yoyamba ndi ndalama. Mayi, alimi a a Phiri sangadikire masiku 30 ngati mmene inu mumadikirira magolosale. Mlimi wakolola, fizi ya mwana ikufunika, venda wakhazika sikelo pamsewu ndi kashi m'manja, kopaletivi ikangochedwa kulipira mtedza umathawira komweko ngakhale mtengo wake uli wobera. A Phiri anandiuza kuti chimene angakwanitse ndi theka pa tsiku lonyamula, lotsala pasanathe sabata ziwiri, ku akaunti ya gulu ku banki osati ku Mpamba kapena Airtel Money ya munthu. A Phiri, inunso mudziwe kuti mayiwa sangagule matani 35 kamodzi, ndalama zake alibe ndi malo osungira omwe. Iwo akufuna matani atatu mwezi ndi mwezi kuyambira Juni, ndiye funso ndi loti kodi gulu lingavomere kusunga gawo lawo mu nkhokwe yanu mpaka Disembala kapena Januwale pamene mitengo imakhala itakwera ndipo mamembala ayamba kufunsa kuti bwanji tikugulitsa pa mtengo wakale. Pamenepo mukambirane bwinobwino ndipo mulembe, kaya muziunikanso mtengo miyezi itatu iliyonse kaya bwanji, koma zisakhale zapakamwa. Za mtengo weniweni ine sindilowererapo, poyambira muli napo kale ndi mtengo wotsikitsitsa umene unduna wa zaulimi umalengeza nyengo yokolola, kenako muonjezerepo za kusenda ndi kusankha.

Yachiwiri ndi kuyeza. Kopaletivi sinayezetsepo mtedza wake ku labu, zimene ndanena pamwambazi ndi kasamalidwe kabwino koma si pepala. Maganizo anga ndi oti musanagwirizane chilichonse a Phiri atumize sampulo, yotapa m'matumba osiyanasiyana pamwamba pakati ndi pansi, osati yosankha yokongola yokha, chifukwa chuku sichikhala paliponse mofanana, njere zochepa zoola zimaononga thumba lonse. Mayi Mbewe anena kale kuti ulendo woyamba alipira okha zoyezetsa. Za komwe mungakayezetse mayi afunse a MBS pomwe ali nawo kale pa nkhani ya chiphaso, kapena ku malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze, ndi panjira pomwe pochokera ku Mchinji.

Thiransipoti ndi nkhani yaing'ono, mayi ali ndi mnyamata wa lole ya matani atatu amene amamuchita hayala, mungogwirizana kuti mtengo wake ulowa mbali iti.

A Phiri, mukamayankha chonde muwauze mayi zinthu izi: kusenda muyamba liti, matumba angati a CG7 angakhale okonzeka pofika pakati pa Juni, komanso ngati komiti ikufunika kukumana kaye musanalonjeze kanthu. Ndikudziwa simupanga chiganizo nokha ndipo ndi bwino mayi adziwiretu kuti yankho litha kutenga sabata. Mayi, inu muwauze mmene mumafunira mtedza wanu, kukula kwa njere, ngati mumalandira zosweka ndi zochuluka bwanji, ndi tsiku limene mungapite kukaona nokha. Ine ndingakonde mutapitadi, ndi ulendo wopita m'mawa n'kubwerako tsiku lomwelo, mukaone nkhokwe ndi kucheza ndi amayi osendawo, mukatengenso mabotolo awiri atatu alaweko chimene mtedza wawo ungasanduke. Ndi anthu amene akhala akugulitsa kwa mavenda zaka zonsezi osadziwa kumene mtedza wawo umathera.

Chinanso, a Phiri netiweki imavuta kuofesi kwawo ndiye imelo amaona madzulo kapena akapita pa Kamwendo, mukaona kuti achedwa si mwano. Pa WhatsApp amayankha msanga, manambala mupatsane nokha poyankha, sindinafune kugawa popanda chilolezo chanu.

Ine palibe changa pamenepa, sindikufuna komishoni kwa aliyense. Zimangondiwawa kuona mtedza wosamalidwa chonchija ukukathiridwa mulu umodzi ndi wonyowa wa pamsewu, pomwe mayi kuno akutaya ndalama kugula zinyalala. Mukayankhana kawiri katatu mutha kundichotsa pa imeloyi, koma mukakonza tsiku lopita ku Mchinji mundiuze, ngati lili Loweruka ndikwera nawo.

Zikomo kwambiri,

Chikondi