Phunziro lachitatu: mmene mtsutso umamangidwira ndi pomwe umathyokera

Amene mwaima pakhomo lowani, kutsogolo kuno mipando ilipo. Ndikudziwa kuti mvula yakuchedwetsani, makamaka inu ochokera ku Chibavi ndi ku Mchengautuwa, koma tiyeni tiyambepo.

M'kalasi muno tikamati mtsutso, tikunena gulu la ziganizo lomwe zina zikupereka zifukwa zoti tivomereze chiganizo chimodzi. Zopereka zifukwazo tizizitchula kuti mfundo zochirikiza, ndipo chomwe zikuchirikizacho ndi chigamulo. Zili ngati nsanamira ndi denga: denga likhoza kukhala la malata atsopano, koma ngati silinakhale pa nsanamirazo, musagonemo. Chigamulo nthawi zambiri chimabwera ndi mawu ngati "choncho" kapena "ndiye kuti", pomwe mfundo zochirikiza zimatsatira mawu ngati "chifukwa" ndi "popeza". Koma anthu polankhula sasanja zinthu mwadongosolo. Ena amayamba ndi chigamulo, ena mfundo imodzi amaisiya osaitchula, poganiza kuti aliyense akuidziwa. Mfundo yosatchulidwayo muziisaka, chifukwa kawirikawiri vuto limabisala mmenemo.

Amene anayamba kulemba malamulo a zimenezi mwadongosolo ndi Aristotle, wa ku Girisi, yemwe anabadwa mu 384 ndi kumwalira mu 322 Yesu asanabadwe. Lembani chitsanzo ichi, chomwe chili mu kalembedwe kake kotchedwa silojizimu:

Nsomba zonse zimauluka.
Usipa ndi nsomba.
Choncho usipa umauluka.

Mukuseka, ndipo mukulondola, pakuti palibe amene anaonapo usipa ukudutsa pamwamba pa phiri la Kandoli. Koma taonani bwino. Mfundo ziwiri zoyambazo zikanakhala zoona, kodi pakanakhala njira yoti chigamulocho chikhale chabodza? Palibe. Ndiye kuti mtsutsowu ndi womangika bwino. Chavuta ndi mfundo yoyamba, yomwe ndi yabodza. Mtsutso ukakhala womangika bwino, komanso mfundo zake zonse n'kukhala zoona, timati ndi wolimba.

Tsopano uwu: Mzuzu ili kumpoto. Karonga ili kumpoto. Choncho ku Mzuzu kumazizira mwezi wa Juni. Chiganizo chilichonse pamenepa ndi choona, ndipo majuzi anuwo ndi mboni. Komabe mtsutsowu sunamangike, chifukwa kukhala kumpoto sikomwe kumabweretsa kuzizirako. Karonga yemweyo ndi wotentha. Pa mayeso ophunzira ambiri amagwera pomwepa: akaona kuti chigamulo ndi choona, amathamangira kunena kuti mtsutso uli bwino. Mafunso ndi awiri, ndipo muziwayankha padera. Loyamba, kodi mfundozi ndi zoona? Lachiwiri, kodi chigamulochi chikuchokeradi m'mfundozi?

Mamangidwe amene mudzakumana nawo kwambiri ndi awa, pomwe P ndi Q zikuimira ziganizo ziwiri zilizonse: Ngati P, ndiye Q. P. Choncho Q. Mvula ikagwa, msewu umanyowa, mvula yagwa, choncho msewu wanyowa. Apa palibe chokayikitsa. Koma mukatembenuza n'kunena kuti msewu wanyowa, choncho mvula yagwa, mwalakwitsa. Mwina paipi yaphulika usiku, mwina anyamata akutsuka minibasi pomwepo. Cholakwikachi chimanyenga chifukwa chimafanana kwambiri ndi mamangidwe abwinowo, ndipo nthawi zambiri mvula imakhala itagwadi.

Pali mtundu wina wa mtsutso womwe sutsimikizira chigamulo kotheratu, umangochipatsa mphamvu. Timaona zinthu zingapo, kenaka timanena za zonse. Kwa zaka mazana ambiri anthu a ku Ulaya ankati mbalame zonga atsekwe zotchedwa swani zonse ndi zoyera, mpaka mu 1697 amalinyero achidatchi ataona zakuda kumadzulo kwa Australia. David Hume, wa ku Scotland, anafunsa funso lovuta: n'chiyani chimatipatsa ufulu woganiza kuti mawa lidzafanana ndi dzulo? Limenelo tidzalimbana nalo pakati pa semesita. Lero ingodziwani kuti amene wakwera kabaza kawiri, n'kuberedwa chenje kawiri konse, n'kumati a kabaza onse a mu Mzuzu ndi akuba, wagamula mothamanga. Anthu awiri sangaimire gulu lonselo.

Aristotle analemba zolakwika 13 za kaganizidwe. Mabuku a masiku ano ali ndi zambiri, koma sindikufuna kuti muloweze mndandanda.

Chomwe ndimachimva tsiku ndi tsiku ndi kulimbana ndi munthu m'malo molimbana ndi mfundo yake. Pa Chilatini amati adi hominemu. Tiyerekeze kuti pa msonkhano wa mudzi mtsikana waimirira n'kunena kuti ndalama za mjigo sizikugwirizana ndi malisiti, ndipo wawerenga manambala. Bambo wina n'kuyankha kuti, "Iwe mwana wa dzulodzuloli, ungatiuze chiyani? Ngakhale banja ulibe." Anthu n'kuseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma malisiti aja sanasinthe. Zaka za mtsikanayo sizikuwonjezera kapena kuchotsa tambala iliyonse. Kuno kwathu cholakwikachi chimavala malaya a ulemu, n'chifukwa chake chimavuta kuchigwira. Ineyo ulemu kwa akuluakulu ndimaufuna, koma ulemu umatiuza kalankhulidwe, sutiuza ngati masamu alondola.

Musapitirire nazo malire. Mboni pa khoti ikakhala kuti inagwidwapo ikunama pa nkhani yomweyo, kutchula zimenezo si kulakwitsa, chifukwa pamenepo chomwe tikuyeza ndi kukhulupirika kwake. Chimodzimodzi kudalira katswiri: dokotala akanena za malungo, mverani. Dokotala yemweyo akanena za mtengo wa feteleza, ndi munthu wamba ngati inu ndi ine.

China ndi kupotoza mawu a mnzako kuti asavute kugwetsa. Wina akuti tichepetse kudula mitengo mozungulira damu la Lunyangwa, winayo n'kuyankha kuti, "Ndiye mukufuna amphawi asiye kuphika?" Sananene zimenezo. Pafupi ndi chimenechi pali kupanikiza munthu pa njira ziwiri ngati kuti yachitatu kulibe: "Ukapanda kuvotera uyu, ndiye kuti umadana ndi chitukuko." Palinso kuzungulira pamodzimodzi: "Abusa sanama, chifukwa iwo eni anatiuza choncho."

Eya, achemwali kumbuyoko? Akufunsa za kadzidzi. Funso labwino. Kadzidzi walira padenga, m'mawa mwake wina wadwala, choncho kadzidzi ndiye wabweretsa matenda. Uku ndi kutenga chomwe chayamba kuchitika ngati chomwe chachititsa. Dzifunseni kuti ndi mausiku angati omwe kadzidzi analira popanda wodwala, nanga ndi angati anadwala kadzidzi ali chete. Amenewo sitiwawerenga, timangokumbukira usiku umodzi womwe ziwirizi zinakumana.

Chenjezo limodzi, chifukwa ndikudziwa zomwe zichitike ku hositelo madzulo ano. Mukapeza cholakwika mu mtsutso wa mnzanu, simunaonetse kuti chigamulo chake ndi chabodza. Mwangoonetsa kuti zifukwa zake sizinachichirikize. Amene anaona msewu wonyowa uja n'kuti mvula yagwa akhoza kukhala kuti wanena zoona.

Ntchito ya Lachiwiri: mvetserani pulogalamu imodzi ya pa wailesi yomwe anthu amaimba foni, musankhe woimba mmodzi. Lembani chigamulo chake, mfundo zomwe watchula, ndi yomwe wasiya osatchula. Kenaka mukonze mtsutsowo kuti ukhale wamphamvu kuposa mmene mwini wake anaunenera, ndipo mukatero ndiye muutsutse. Tsamba limodzi, losapitirira. Akalasirepu, mudzatolere mapepala belu lisanalire.