Pulani ya Mai a Chisomo: maminitsi 30 basi

Mai a Chisomo, ndakonza pulani ija munandipempha. Poti mukutenga minibasi ya ku Limbe 7 koloko ndipo ana afunika phala, tiziyamba 5 koloko pakhonde pomwepo, osati za jimu ayi.

Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu ndi masiku a mphamvu. Maminitsi 5 kutenthetsa thupi, kenako 20 mukupanga masikwati 12 mutanyamula chigubu cha malita 5 pachifuwa, mapushapu 8 (maondo pansi palibe vuto), kukoka chigubu chomwecho mutawerama msana uli wowongoka, muzungulire katatu mukupuma miniti imodzi pakati, 5 omaliza kudziwongola.

Lachiwiri ndi Lachinayi ndi za mtima. Kulumpha chingwe masekondi 30, kuyenda miniti imodzi, mubwereze mpaka maminitsi 20 athe. Ngati mawondo akuwawa kwerani kamtunda kakuseri kwanu ku Chilomoni kaja mwachangu ndikutsika pang'onopang'ono.

Tikusinthanitsa dala chifukwa minofu imafuna tsiku lopuma kuti ikule, musamapange masikwati daile chonde. Mwana akadwala usiku gonani, mawa lake pitirizani pomwe munalekera. Loweruka kuchapa kukukwanirani.