Chidziwitso: ulendo wokadzala mkungudza ku Chambe, m'phiri la Mulanje

Kwa mamembala onse a gulu lathu lodzala mitengo, pamodzi ndi alendo athu ochokera kunja amene tikugwira nawo ntchito.

Chidziwitsochi chili m'zilankhulo ziwiri. Tsamba lino ndi la Chichewa, ndipo mukatembenuza pepalali mupeza cha Chingerezi. Zonse ndalemba ndine, ndipo apampando aziwerenga mzere ndi mzere kuti zifanane. Wina asakunamizeni kuti ku Chingerezi kwabisala za alawansi. Kulibe, ntchitoyi ndi yongodzipereka.

Loweruka likudzali tikumana pa Likhubula, pafupi ndi ofesi ya zankhalango, 6:00 m'mawa. Tinyamuka 6:30. Nthawiyi ndailemba m'manambala dala. Ulendo watha uja ndinalemba "m'mamawa" ku Chichewa, ku Chingerezi n'kulemba 6 koloko. Alendo athu anafika kusanache n'kukhala pamwala maola awiri, ife tikubwera mmodzimmodzi, wina mpaka 8 koloko ali ndi chimanga chootcha m'manja. Mlanduwo ndi wanga, pepani.

Mbande za mkungudza zili kale m'machubu ku nazale. Aliyense asenza zimene angathe, koma muziimike bwino m'beseni kapena m'dengu, chifukwa chubu chikagwa cham'mbali dothi limakhuthuka ndipo mizu imauma tisanafike. Kukwera mpaka ku Chambe kumatenga maola atatu kapena anayi, ndi katundu pamutu mwina kuposa. Amene mawondo amakuvutani musadzikakamize, pa nazale paliponso ntchito yothira dothi m'machubu.

Tengani khasu, botolo la madzi, kamba wapanjira, nsapato zosaterera ndi chodzitetezera ku mvula. Ino ndi nyengo ya dzinja, mitsinje ya m'phiri imadzaza mwadzidzidzi ngakhale kuno kumunsi kuli ng'amba. Tonse tikukumbukira zimene namondwe wa Freddy anatichita mu Malichi 2023. Otitsogolera njira akanena kuti tibwerere, tibwerera, palibe kukambirana. Machesi ndi fodya zitsale kunyumba: moto ndi odula mitengo mozemba ndi amene atha mkungudza, mtengo wa fuko lathu umene mwachilengedwe umamera m'phiri la Mulanje lokha.

Tikakafika tidzagawana m'magulu a anthu asanu, ndipo m'gulu lililonse mudzakhala mmodzi womva zilankhulo zonse ziwiri. Chisanachitike china chilichonse, malangizo a kadzalidwe adzanenedwa m'Chichewa, kenako m'Chingerezi. Musayambe kukumba womasulira asanamalize. Agogo athu ena amamasuka m'Chilomwe, amenewo adzakhala pafupi ndi amayi asungichuma kuti aziwafotokozera.

Amene mwawerenga, kauzeniko anzanu amene kuwerenga kumawavuta. Mayina a opita andipeze pofika Lachinayi madzulo kuti tidziwe mbande zoti titulutse.

Ine wanu,
Mlembi wa gulu